Labala wa chitseko cha firiji akulowetsa mpweya wofunda: kuyesa ndi kapepala ndi kukonza kwake

Mayi a Golosale, Chitakale

Ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa za mafiriji. Firiji ya m'golosale mwanga ndi ya zitseko ziwiri, chaching'ono cha firiza pamwamba ndi chachikulu pansi, ndipo chiyambire mwezi watha zakumwa sizikuzizira monga kale, ngakhale kuti injini yake ikumalira pafupifupi tsiku lonse osapumira. M'mawa ndimapeza madontho a madzi m'mphepete mwa chitseko chachikulu, chakumunsi mbali ya chogwirira, ndipo chambiko chimene ndimaika pa shelefu ya pansi chikumatupa m'mapaketi tsiku lake lisanakwane. Ku firiza zinthu zikuuma bwinobwino. Alamu anga andiuza kuti ndipanitse kapepala ndi chitseko kenaka ndikakoke. Ndachita zimenezo, ndipo pakati pa chitseko pepala linagwira ndithu, koma chakumunsi linasololoka popanda kulimba kulikonse. Kodi zimenezi zikutanthauza kuti ndigule labala watsopano, kapena yemweyu angathe kukonzeka?

Bambo a ku Limbuli

Mayi, musataye nthawi ndi mapepala, firiji imeneyo gasi watha. Yanga inkachita chimodzimodzi chaka chatha, kumwamba inkazizira pamene kumunsi kunali kofunda, ndipo mmisiri atabwera kudzathira gasi zonse zinabwerera mwakale. Firiji ikagwira ntchito zaka zingapo gasi amachepa, choncho itanani munthu adzakuthirireni katundu wanu asanawonongeke.

Mmisiri wa Mafiriji, Luchenza

Bambo a ku Limbuli, zimene mwanenazi zimachitikadi, chifukwa m'mafiriji ambiri a zitseko ziwiri gasi akachepa chipinda cha kumunsi ndi chimene chimayamba kufunda pamene firiza ikadali kuumitsa. Koma gasi wa mufiriji satha chifukwa cha kugwira ntchito, amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti pena pake paboola. Kwa mayiwa pali zizindikiro ziwiri zimene zikuloza ku chitseko, madzi amene akusonkhana pa ngodya imodzi ndi pepala limene likusololoka pa ngodya yomweyo, kotero ndi bwino tiyambe ndi chimene chikuoneka ndiponso chosalira ndalama zambiri.

Mayi, musathamangire kugula labala. Pepala limangokuuzani pamene mpweya ukulowera, silikuuzani chifukwa chake, ndipo ine ndaonapo anthu ambiri ataika labala watsopano pa chitseko chopendekeka, mpata uja n'kukhalapobe. Ndikupemphani kuti mubwereze kuyesako mwadongosolo. Dulani kapepala ka m'kope, masentimita 3 kapena 4 m'lifupi ndi masentimita 20 m'litali, osati katoni kapena pepala lopinda kawiri, chifukwa chinthu chochindikala chimagwira ngakhale pamene pali mpata. Yambani pa ngodya ya pamwamba ndipo muzisuntha masentimita 10 nthawi iliyonse mpaka mutazungulira chitseko chonse. Potseka musakankhe chitseko ndi bondo kapena kuchigwirira ndi dzanja, chitsekeke monga chimatsekekera mwana akatenga chakumwa, kenaka mukoke pepala pang'onopang'ono molunjika. Pamene labala ali bwino mumva pepala likukana kutuluka, pamene wayamba kufooka lituluka mosavuta koma likukhudzabe, ndipo pamene pali mpata weniweni pepala litha kuyenda cham'mbali kapena kugwa lokha. Pamalo aliwonse ofooka matanipo kachidutswa ka selotepi pa thupi la firiji kuti mudzathe kupima kutalika kwa gawo lowonongekalo.

Mbali ya mahinjesi ndi imene anthu amaidumpha chifukwa dzanja silifikako bwino. Tsekulani chitseko theka, lowetsani pepala kuchokera m'kati kuti nsonga yake itulukire kuseri kwa chitseko, ndipo mutseke. Mukamaliza mutiuze malo onse amene mwamata selotepi.

Aphunzitsi Opuma, Thyolo Boma

Ndiwonjezerepo pang'ono pa zimene amisiri afotokoza. M'kati mwa labala ameneyu muli kalamba ka maginito, ndipo ndi kameneka kamene kamakokera chitseko ku chitsulo cha firiji. Maganizo anga ndi akuti pa ngodya imene mayi akunenayo maginito atha mphamvu. Ndinamvapo kuti munthu akatenga maginito aakulu a m'sipika ya wailesi n'kumawakwekwesa pa labala maulendo angapo molowera mbali imodzi, mphamvu ija imabwerera. Komanso kunyumba kwanga timapaka vaselini pa labala yense miyezi ingapo iliyonse, ndipo labala wathu sanang'ambikepo. Mayi ayese ziwirizi asanawononge ndalama.

Mmisiri wa Mafiriji, Luchenza

Aphunzitsi, za kalamba ka maginito mwalondola, koma za sipika ndikupemphani kuti mayi asayese. Kalamba kameneka mphamvu yake inayalidwa m'timizere toyandikana tosinthanasinthana mbali, ndipo mukakwekwesapo maginito amphamvu mutha kusokoneza timizereto, kalamba n'kukhala kofooka kuposa kale. Pa ntchito yanga sikawirikawiri kupeza maginito atatha mphamvu. Chimene chimachitika ndi chakuti pulasitiki yofewa imene yakuta maginitowo imauma ndi kuphwatalala, ndiye makwinya ake satambasukanso kuti maginito afike pa chitsulo. Mphamvu ya kalamba kameneka imagwira pafupi kwambiri, moti mpata wa mamilimita awiri kapena atatu ndi wokwanira kuti kalephere kukoka. Ngati mayi akufuna kutsimikiza, atenge kampeni kachitsulo kapena lezala n'kugunditsa pa labala pa ngodya yovutayo, kenaka pamalo pamene pepala linagwira bwino. Ngati chitsulocho chikumamatira mofanana malo onse awiri, maginito alibe mlandu.

Mayi a Golosale, Chitakale

Zikomo nonse. Ndazungulira chitseko chonse monga mwanenera, amisiri. Pamwamba ponse pepala likugwira mwamphamvu. Mbali ya chogwirira likugwira mpaka kupitirira pakati, koma kuyambira masentimita 25 kuchokera pansi likuyamba kufooka, ndipo pa ngodya penipeni likugwa lokha. Mzere wa pansi ndi wofooka kuchokera pa ngodyayo mpaka pafupifupi theka lake. Mbali ya mahinjesi pepala likugwira, koma ndaona kuti labala wapindikira m'kati pamalo otalika ngati chikhatho, ndipo akumalira chitseko chikamatsekeka. Lezala ikumamatira paliponse mofanana. Nditatambasula makwinya a mzere wa pansi ndapezamo zinthu zakuda zonanda, nyenyeswa za buledi ndi nyerere zakufa, koma pong'ambika sindinapaone. Ndinenenso kuti m'mashelefu a chitsekochi ndimaikamo mabotolo asanu ndi limodzi a malita awiri, a madzi ndi a sobo wosungunula kale.

Mmisiri wa Mafiriji, Luchenza

Mayi, mwayesa bwino, ndipo zimene mwapezazi zikundipatsa chiyembekezo kuti labala ameneyu angakonzeke, popeza sanang'ambike ndipo maginito akugwira. Koma mawu anu omalizawo ndi amene andikopa kwambiri. Mabotolo asanu ndi limodzi a malita awiri ndi makilogalamu 12 olendewera pa chitseko chimene chimatsekulidwa kambirimbiri pa tsiku, ndipo kulemera kotero kumadya kapulasitiki ka pa hinjesi ya pansi mpaka chitseko chimagwera mbali ya chogwirira. Chitseko chikagwa chotero labala wa pansi amatsika n'kuphonya chitsulo chimene amayenera kugundapo, ndipo wa mbali ya mahinjesi amayamba kukhulana ndi thupi la firiji mpaka kupindika monga mwaoneramo.

Musanakhudze labala, chotsani zonse za m'chitseko ndipo muone zinthu zitatu. Imani patsogolo pa firiji n'kuyang'ana mpata wa pakati pa chitseko cha firiza ndi chachikulu: uyenera kukhala wofanana kuchokera kumanzere mpaka kumanja, ndipo ngati wakula mbali ya chogwirira ndiye kuti chitseko chagwa. Kenaka tsekulani chitseko pang'ono, chigwireni kunsi mbali ya chogwirira n'kuchinyamula mokweza. Ngati chikugwedera kapena kulira, hinjesi yamasuka kapena yadyeka. Chachitatu, gwedezani firiji yonse kuchokera pa ngodya ina kupita pa ngodya yopingasana nayo. Masimenti a m'magolosale athu ambiri si osalala, ndipo firiji ikaima pa miyendo itatu thupi lake limapotoka pang'ono, mpata n'kutsekuka pa ngodya imodzi ngakhale labala ali watsopano. Miyendo yakutsogolo ya mafiriji ambiri imazungulira ngati bawuti. Muizungulitse mpaka firiji italeka kugwedera ndipo kutsogolo kutakwera pang'ono kuposa kumbuyo, kuti chitseko chikasiyidwa chotsekuka pang'ono chizibwerera chokha. Masikuluwu a hinjesi amangidwe munthu wina atanyamulira chitseko m'malo mwake. Ngati kapulasitiki ka pa hinjesi ya pansi kadyeka, washala woonda woikidwa pa kamtengo ka hinjesiyo amakweza chitseko, koma ntchito imeneyo imafuna kuzula chitseko, choncho ngati simunazolowere muitane munthu.

Zimenezi zikatheka mubwereze pepala pamalo a selotepi aja musanachite china chilichonse, kuti tidziwe gawo limene linali la chitseko ndi limene latsala la labala.

Mnyamata wa Butchala, Nkando

Pepani ndilowerere ndi yanga, popeza nkhani yake ndi yomweyi. Ine ndili ndi firiza ya bokosi yotsekula chokweza, imene ndimasungiramo nyama ya mbuzi ndi nkhuku. Ndawerenga zimene amisiri alemba ndipo ndayesa lezala pa labala wa chivindikiro, koma sikumamatira malo alionse. Kodi ndiye kuti maginito onse atha? Ayezi akumaunjikana kwambiri m'mphepete chakumtunda, makamaka kutsogolo kumanja.

Mmisiri wa Mafiriji, Luchenza

Achimwene, mafiriza ambiri a bokosi labala wake alibe maginito n'komwe, chifukwa chivindikiro chimatsekeka ndi kulemera kwake, kotero lezala sikuuzani kanthu. Pepala lokha ndi limene lingakuthandizeni. Ayezi woonda wozungulira m'mphepete monse ndi wachizolowezi pa firiza yotsekulidwa pafupipafupi, koma akaunjikana mbali imodzi ndiye kuti mpweya ukulowera pomwepo, ndipo kawirikawiri ayezi yemweyo akakula amatukula chivindikiro, mpata n'kumakulirakulira. Zimitsani, asungunuke yekha kapena muikemo beseni la madzi ofunda, ndipo musamugobe ndi mpeni wanu wa nyama, chifukwa mapaipi a gasi ali kuseri kwa khoma lomwelo ndipo mafiriza ambiri a masiku ano ali ndi gasi wa R600a amene amayaka. Mukaumitsa muyese pepala, muonenso ngati nyama siikufika pamwamba mpaka kugunda chivindikiro.

Mayi a Golosale, Chitakale

Amisiri, firiji inalidi kugwedera, mwendo wakutsogolo mbali ya chogwirira unali m'malere chifukwa simenti inakumbika pamenepo. Tauzungulitsa mpaka wagunda pansi, ndipo alamu anga amanga masikuluwu awiri a hinjesi ya pakati amene anali omasuka. Mpata wa pakati pa zitseko tsopano ukuoneka wofanana. Nditabwereza pepala, mzere wa pansi wayamba kugwira kupatula masentimita 10 oyandikira ngodya, ndipo mbali ya chogwirira gawo lofooka latsika kuchoka pa masentimita 25 kufika pa 12. Pa ngodya penipeni pepala likugwabe, ndipo labala wa pamenepo ndi wouma ndi wophwatalala poyerekeza ndi wa pamwamba. Nditani tsopano? Ndili ndi jiki ndi palafini, kodi ndingatsukire chimodzi mwa izi kuti zakuda zija zichoke?

Mmisiri wa Mafiriji, Luchenza

Mwaona tsono kuti theka la vutoli silinali la labala. Palafini musamuyandikize, chimodzimodzi petulo ndi thina, chifukwa zimenezi zimachotsa mafuta amene amafewetsa pulasitiki ya labala, ndipo pakapita nthawi amauma n'kuyamba kusweka. Jiki wosasungunula nayenso amaumitsa. Zulani pulagi ku khoma, tengani madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, ndipo ndi mswachi wakale mutsuke m'makwinya monse mukutambasula ndi chala, makamaka mzere wa pansi kumene zotayikira zonse zimathera. Shuga wa zakumwa akauma m'makwinya amawamata pamodzi, labala n'kulephera kutambasuka, komanso amamata labala ku thupi la firiji moti potsekula mumakhala mukumukoka mpaka tsiku lina adzang'ambika. Musaiwale kutsuka chitsulo chimene labala amagundapo. Zakuda zikakanirira, supuni imodzi ya soda mu kapu ya madzi ofunda imathandiza, ngakhale kuti banga la chuku limene lalowerera silichoka lonse, ndipo banga lokha silitulutsa mpweya. Tsukuluzani ndi madzi oyera n'kupukuta mpaka m'makwinya mutauma.

Mukatero mubwezeretse maonekedwe a ngodyayo ndi kutentha. Pulasitiki imeneyi ikafunda imafewa, ndipo ikazizira imasunga maonekedwe amene yazizira nawo. Ngati mungabwereke makina a m'manja oumitsira tsitsi, muwaike pa kutentha kwapakati, muwagwire masentimita 10 mpaka 15 kuchokera pa labala, ndipo muziwayendetsa uku ndi uku osaima malo amodzi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mpaka labala atafewa pomukhudza. Akafewa mukokereni kunja pang'onopang'ono ndi zala kuti makwinya atambasuke, kenaka tsekani chitseko msanga kuti maginito agwire chitsulo. Chitseko chili chotseka mutha kupitiriza kuuzira mpweya wofundawo cham'mbali, ndipo nthawi zambiri mumaona ndi maso labala akusendera yekha mpaka kugunda chitsulo. Gawo lopindika la ku mahinjesi mulifunditse chimodzimodzi n'kuliwongola ndi chogwirira cha supuni. Ngati makinawo palibe kapena magetsi azima, nsalu yoviika m'madzi otentha amene dzanja lingapirire, yofinya n'kugwiriza pa labala mobwerezabwereza, imagwira ntchito yomweyo koma mochedwerapo. Pomaliza matani chitseko ndi tepi pa ngodyayo kuti chikanikizike, lumikizani magetsi, ndipo chikhale chosatsekulidwa usiku wonse. N'chifukwa chake ntchito imeneyi ndi yoyenera madzulo mutatseka golosale.

Achemwali a Saluni, Bvumbwe

Ndichenjezeko pa nkhani ya dilaya, popeza ndi chida chimene ndimagwira tsiku ndi tsiku. Madilaya a m'saluni ndi amphamvu kuposa a m'nyumba, ndipo mpweya wake pafupi ndi kamwa umatha kuwotcha khungu. Mnzanga wina anabwereka yanga kukakonzera firiji yake, anaika pa moto waukulu n'kugunditsa pa ngodya, ndipo labala anachita chithuza n'kukwinyika, pulasitiki yoyera ya m'kati mwa chitseko nayo inapindika, moti mapeto ake anagula labala wina amene sanakhalenso bwino pa pulasitiki yopindikayo. Mayi, muike dzanja lanu lina pafupi ndi pamene mukufunditsa. Dzanja likayamba kulephera kupirira ndiye kuti mwayandikitsa kwambiri.

Koma ine ndili ndi funso kwa amisiri. Firiji yanga m'mbali mwake kutsogolo, pamene labala amagunda, mumakhala motentha ndithu, makamaka pakati pa zitseko ziwiri. Kodi kutentha kumeneko si kumene kumaumitsa labala, ndipo si chizindikiro chakuti mpweya wofunda ukulowa?

Mmisiri wa Mafiriji, Luchenza

Achemwali, chenjezo lanu ndi loona, ndipo ndiwonjezere kuti kandulo, mbaula kapena madzi obwadamuka zisayandikire labala. Za kufunda kwa m'mphepetemo musade nazo nkhawa, chifukwa opanga mafiriji amadutsitsa dala paipi yofunda kuseri kwa chitsulocho kuti pasamachite thukuta. Kuno kwathu kumene mpweya umakhala ndi chinyontho chambiri, nthawi ya dzinja ngakhalenso masiku a chiperoni, paipi imeneyi ikanapanda kukhalapo madzi akanamayenderera pa chitseko tsiku lililonse. Pakhale pofunda, osati potentha moti dzanja n'kulephera kukhalapo. Ngati pafika potero ndiye kuti kompuresa, yomwe ndi injini ya firiji, ikugwira ntchito nthawi yaitali kwambiri, mwina chifukwa cha labala wotulutsa mpweya, mwina chifukwa firiji yagunditsidwa ku khoma ndipo kumbuyo kwake sikukupita mphepo.

Chinyontho chomwechi ndi chimene chimachititsa kuti kampata kakang'ono kavute kwambiri kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatulukira pa mpata wa pansi, ndipo wofunda umalowa m'malo mwake utanyamula chinyontho chimene chimasanduka madontho kapena ayezi chikangogunda pozizira. Firiji imawononga magetsi kuziziritsa mpweyawo komanso kusandutsa chinyonthocho madzi, ndipo n'chifukwa chake mayunitsi amatha msanga pamene zakumwa zili zofunda.

Aphunzitsi Opuma, Thyolo Boma

Za sipika ndamva, amisiri, koma za vaselini simunandiyankhe. Ine ndikuumirirabe kuti amathandiza, chifukwa labala wa firiji yathu ndi wofewa mpaka lero pamene wa anansi athu, amene anagula yawo pambuyo pathu, anasweka kalekale. Ndiponso ndikuganiza kuti pa kampata kakang'ono monga katsala kwa mayiwa, vaselini yekha angathe kukatseka.

Mmisiri wa Mafiriji, Luchenza

Aphunzitsi, pa vaselini ngakhale amisiri okhaokha sitigwirizana. Ine ndimapaka pang'ono kwambiri mbali ya mahinjesi yokha, kuti labala azitsetsereka m'malo mokhulana ndi kupindika, ndipo kwa mayiwa ndingavomere kuti apake pamalo paja pamene panapindika akamaliza kuwongola. Koma kupaka labala yense mochindikala sindikulimbikitsa, chifukwa m'golosale ya m'mbali mwa msewu fumbi limakakamira pa mafutawo, ndipo sabwezeretsa kufewa kwa pulasitiki imene yauma kale. Choopsa china ndi chakuti vaselini amanamiza poyesa: pepala limamatirira ku mafuta, munthu n'kuganiza kuti labala wagwira pamene mpata ulipobe. Mwina labala wanu wakhalitsa chifukwa popaka mumayamba mwamutsuka, ndipo kutsukako ndi kumene kukumusunga.

Aphunzitsi Opuma, Thyolo Boma

Mwina ndi choncho, koma kutsuka kokha sindikukhulupirira kuti kukanamusunga zaka zonsezi. Ine ndipitiriza kupaka, ndipo anansi aja ndiwauza kuti pa labala wawo watsopano apake mbali imodzi yokha kuti tidzaone kusiyana kwake.

Mayi a Golosale, Chitakale

Ndinatsuka ndi kufunditsa dzulo madzulo ndi dilaya yobwereka, ndipo chitseko chinagona chomata ndi tepi. Lero m'mawa pepala likugwira mbali yonse ya chogwirira ndi mzere wonse wa pansi, kupatula pa ngodya penipeni, malo osaposa zala zitatu, pamene likutuluka mosavuta ngakhale kuti silikugwanso lokha. Ku mahinjesi kulira kuja kwatha. Injini ndaimva ikuzima ndi kuyakanso kangapo, zimene sizinkachitika. Komabe pansi pa mabokosi a ndiwo zamasamba ndapezamo madzi, ndiye sindikudziwa ngati akuchokerabe ku ngodya ija.

Mmisiri wa Mafiriji, Luchenza

Madzi a pansi pa mabokosiwo mwina ndi nkhani ina. Yang'anani khoma lakumbuyo m'kati mwa firiji chakumunsi, mupeza kangalande kokhala ndi kabowo pakati, kamene kamatulutsa madzi kupita ku kambale ka pamwamba pa kompuresa. Kabowoko kakatsekeka ndi nyenyeswa madzi amasefukira m'kati, ndipo kuthiramo madzi ofunda mutatokosa ndi kanthu kofewa kumatsekula. Madontho a pa khoma lakumbuyolo ndi achizolowezi. Amene amaloza labala ndi a m'mphepete mwa chitseko ndi a kudenga kwa chipindacho.

Pa ngodya yotsalayo, tukulani mlomo wa labala n'kulowetsa kuseri kwake kachidutswa koonda ka siponji, kotalika masentimita 5 mbali iliyonse ya ngodya, kuti kamukankhire kunja. Siponji ndi yabwino kuposa thonje chifukwa thonje limasunga madzi n'kuchita chuku. Muyambe ndi koonda kwambiri, popeza mukachulutsa ngodyayo imatukula chitseko ndipo mpata umatsekuka pena, choncho mukaika muzungulirenso chitseko chonse ndi pepala, osati pa ngodya pokha. Usiku mutha kutsimikiza ndi tochi: muiyatse, muiike m'kati moyang'ana ku ngodyayo, tsekani chitseko ndi kuzimitsa magetsi a m'chipinda, ndipo kuwala kukatulukira ndiye kuti mpata ulipo. Ngati mungapeze kachipangizo koyezera kuzizira, kaikeni mu kapu ya madzi pa shelefu ya pakati usiku wonse. M'mawa kasapitirire madigiri 5. Ngati chitseko chikugwira paliponse koma madzi a mu kapuwo akukhalabe ofunda kuposa pamenepo, ndipo khoma lakumbuyo likuzizira kachigawo kochepa kokha kompuresa ikamalira, pamenepo mawu a bambo a ku Limbuli aja adzafunika kuwaganizira.

Bambo a ku Limbuli

Ine ndikadali pomwepo, mayi adzatiuza pakatha sabata. Koma ndifunse, amisiri, ngati labala wafewetsedwa ndi moto lero, kodi sabwereranso mwakale mwezi wa Okutobala kukatentha? Bwanji osangogula watsopano kamodzi n'kupumula?

Mmisiri wa Mafiriji, Luchenza

Atha kubwerera, bambo, ndipo sindingalonjeze kuti akhala nthawi yaitali bwanji. Labala amene anangophwatalala chifukwa chitseko chinapendekeka amatha kukhala bwino zaka chitseko chikawongoledwa, koma amene pulasitiki yake yauma chifukwa cha ukalamba amabwerera pakapita milungu kapena miyezi. Mayi aziyesa pepala pa ngodyayo kamodzi pa mwezi, ndipo mabotolo aakulu aja asamukire m'mashelefu a m'kati. Akadzaona ming'alu m'makwinya, ngodya itatsekuka pa msoko wake, maginito akusuzumira kunja, kapena kufunditsa kwachiwiri kutalephera, pamenepo ndi pogula, chifukwa guluu wouma msanga amene anthu amathira pong'ambika amalimbitsa malowo n'kuswekanso pambali pake.

Kugulako nakonso kumafuna kusamala, chifukwa malabala safanana ngakhale atalingana kutalika. Tukulani mlomo wa labala pa ngodya imodzi muone mmene wagwirira ku chitseko. Wina amakhala ndi kamchira kolowa m'kangalande, ndipo ameneyu amazuka pongomukoka ndi kulowa pongomukanikiza ndi chala, kuyambira m'ngodya zinayi kenaka pakati. Wina amapanidwa ndi masikuluwu obisika pansi pa mlomo wake, amene mumangowamasula pang'ono osawachotsa, ndipo pomanganso mumayamba mwatseka chitseko kuona ngati chakhala molunjika, chifukwa masikuluwu akamasuka chitseko chimatha kupotoka. Mtundu wachitatu unagwidwa ndi thovu louma la m'kati mwa chitseko pa nthawi yopanga, ndipo umenewu ndi wofuna mmisiri popeza wakaleyo amachita kudulidwa. Popita ku Limbe kapena ku Blantyre kukafunafuna, mayi atenge nambala ya mtundu wa firiji imene ili pa kapepala komata m'kati kapena kumbuyo, muyeso wa labala kuchokera kunja kwa ngodya kufika kunja kwa ngodya inzake m'litali ndi m'lifupi, ndi chithunzi cha kuseri kwa labala pamene wagwirira. Watsopanoyo amabwera wopindapinda, choncho ayambe waviikidwa m'madzi ofunda kuti awongoke, ndipo akaikidwa pepala lizungulirenso chitseko chonse, chifukwa nayenso nthawi zina amafuna kufunditsidwa m'ngodya asanagwire bwino.

Mayi a Golosale, Chitakale

Ndatukula mlomo wa labala ndipo masikuluwu sindinawaone, koma pomukoka pang'ono pa ngodya ya pamwamba sakutuluka, ndiye sindikudziwa ngati ndi wa kangalande wolimba chabe kapena ndi wogwidwa ndi thovu uja. Sindinafune kukoka mwamphamvu poopa kung'amba. Siponji ndaika ndipo pepala likugwira pa ngodya, koma pamwamba pake pang'ono layamba kufooka, choncho madzulo ano ndiisenga kuti ichepe makulidwe, ndipo kapu ya madzi ndiika usiku uno ndikabwereka choyezera chija.